Matayala a minibasi: tanthauzo la 106/104, nkhani ya mayina, ndi zoona zake za ritiredi

Pa shopu ina ya matayala ku Limbe ndinapeza mwini minibasi akukangana ndi wogulitsa. Anali atamuyikira matayala awiri pansi, onse atsopano, onse olembedwa 195/80R15, koma mtengo wake wosiyana kwambiri. “Achimwene, sayizi ndi imodzimodzi, ndiye ndalama yapamwambayi ndikulipirira chiyani?” anafunsa mwini galimotoyo. Wogulitsa anangoti lodulalo ndi lolimba, ndipo sanathe kufotokoza kupitirira apo. Yankho linali pa matayala pomwepo, m'timanambala totsatira sayizi. Lina linalembedwa 96S, linzakelo 107/105L. Loyambalo analipangira galimoto yonyamula banja limodzi, pomwe lachiwirilo ndi la galimoto yonyamula katundu wolemera. Onse awiri amalowa bwinobwino pa rimu ya Hiace, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezekera.

Zolembedwa m'mbali mwa tayala

Tayala lofala pa Toyota Hiace ndi Nissan Caravan zimene zimayenda m'misewu yathu limalembedwa chonchi:

```
195R15C 106/104R 8PR
```

Nambala 195 ndi kutambalala kwa tayala m'mamilimita. R woyambayo akunena kalukidwe ka ulusi wa mkati, ndipo masiku ano pafupifupi matayala onse a minibasi amalukidwa motero. 15 ndi kukula kwa rimu m'mainchesi. Ma Hiace akale ambiri amavala 14, monga 185R14C kapena 195R14C. Chilembo C chikutanthauza kuti tayalalo ndi la galimoto yamalonda yonyamula zolemera. Matayala ochokera ku Japan nthawi zambiri amalemba LT m'malo mwa C, koma cholinga chake ndi chomwecho.

Pamene pagona nkhani ndi pa 106/104. Awa si makilogalamu, ndi nambala yoimira kulemera kumene tayala limodzi lingasenze, ndipo opanga matayala onse amatsatira ndondomeko imodzi. 106 ndi makilogalamu 950, 104 ndi 900, 107 ndi 975, 102 ndi 850, pamene 96 ya tayala lotchipa lija ndi makilogalamu 710 okha. Manambala amakhala awiri chifukwa yoyamba imagwira ntchito tayala likakhala lokha mbali yake, ndipo yachiwiri ndi ya matayala ogundizana awiriawiri ngati a kumbuyo kwa lole. Minibasi zathu zili ndi tayala limodzi pa ngodya iliyonse, choncho yoyang'ana ndi yoyambayo.

Chilembo chotsatira manambalawo ndi liwiro limene tayala lingapirire litasenza katundu wake yense: L ndi makilomita 120 pa ola, Q ndi 160, R ndi 170, S ndi 180. Minibasi yoyenda motsata malamulo sifika pamenepo, ndiye chilembochi sichivuta kwenikweni. Chimasokeretsa munthu pokhapokha akaganiza kuti 96S ikuposa 107/105L chifukwa S ndi liwiro lalikulu. Tayala lothamanga koma losasenza lilibe phindu pa galimoto imene ntchito yake ndi kudzaza anthu.

8PR ndi imene amakaniko amati “eyiti pulayi”. Kale zinkatanthauza kuti mkati muli nsalu 8 zosanjikizana. Lero nsaluzo ndi zochepa koma zolimba, ndipo 8PR ikungonena kuti mphamvu yake ikufanana ndi ya nsalu 8 zakalezo. Pali matayala a C a sayizi yomweyo amene ndi 6PR, ndipo amasenza zocheperapo, choncho chilembo C chokha sichokwanira: werengani nambala.

Tiwerengetsere minibasi imodzi

Tiyerekeze Hiace imene ikulemera makilogalamu pafupifupi 1,900 ili yopanda kanthu. Mwakwera anthu 16, kuphatikiza dalaivala ndi kondakitala, ndipo tiike kuti aliyense ndi makilogalamu 70. Awo ndi makilogalamu 1,120. Zikwama, madengu a tomato ndi zidebe tiziike pa 200. Zonse pamodzi ndi makilogalamu 3,220, ndipo tikagawira matayala anayi mofanana, lililonse likusenza 805. Tayala la 96 lija lapitirira kale muyeso wake ndi makilogalamu 95, galimoto isanatuluke n'komwe m'depoti.

Koma kulemera sikugawanika mofanana. Injini ya Hiace ili pansi pa mipando ya kutsogolo, ndiye galimoto ikakhala yopanda anthu kumalemera ndi kutsogolo. Ikadzaza zinthu zimatembenuka, chifukwa mizere yambiri ya mipando ndi buti zili chakumbuyo. Tiike kuti matayala awiri a kumbuyo atenga makilogalamu 1,800 mwa 3,220 aja. Lililonse lasenza 900. Tayala la 106 latsala ndi mpata wa makilogalamu 50 basi. Tayala la 96 lapitirira ndi makilogalamu 190.

Tsopano pa Lizulu kondakitala akweze matumba atatu a mbatatesi a makilogalamu 50 lililonse, awapanikize kuseri kwa mpando womaliza n'kumanga chitseko ndi chingwe. Katunduyu wakhala kumbuyo kwa ekiselo, ndiye kulemera kwake konse kwagwera matayala a kumbuyo, n'kuwonjezerapo pang'ono chifukwa akunyamula kutsogolo ngati mmene mwana wolemera amachitira pa katungwe wa thabwa. Tayala lililonse lafika pa 975 kapena kupitirira, ndipo ngakhale 106 yeniyeni yalemedwa. Apa tikuona kuti tayala loyenera lomwe lilibe mpata waukulu pa minibasi yodzaza. Kutsikira pa nambala yocheperapo n'kudya mpata umene kulibe.

Manambala enieni a galimoto yanu ali pa kachitsulo kapena kapepala komatidwa pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala, ndi m'buku la galimotoyo. Pamenepo amalemba sayizi, nambala ya kasenzedwe ndi mpweya woyenera.

Mpweya ndi umene umasenza

Anthu ambiri amaiwala kuti chosenza galimoto si mphira ayi, ndi mpweya umene uli mkati. Tayala ndi thumba chabe lougwira. Makilogalamu 950 aja tayala la 8PR limawakwanitsa likapopedwa kufika pa mabaa 4.5, amene pa geji zina amaoneka ngati 450 kPa kapena 65 psi. Mukalipopa mabaa 2.5 monga timachitira ndi galimoto zing'onozing'ono, tayala lomwelo limasenza zochepa kwambiri, ngakhale m'mbali mwake mukulembedwabe 106.

Chimene chimachitika n'chofanana ndi waya amene mukumupinda uku ndi uku: amatentha, kenako amaduka. Tayala lopanda mpweya wokwanira, kapena lolemedwa, limaphwatalala pamene lagunda pansi ndi kuwongokanso likamazungulira, kambirimbiri pa mphindi iliyonse. Kupindikapindikako kumabala kutentha mkati, ndipo kutenthako kumafooketsa pamene mphira wagwirana ndi malamba a waya. Tsiku lina lambayo amamatuka. Ichi n'chifukwa chake matayala amaphulika kwambiri pa ulendo wautali, masana a mu Okutobala, pa phula lotentha ngati la ku Chikwawa kapena Salima, kuposa pa ulendo waufupi wa m'tauni. Nthawi zambiri tayala lophulika lero linayamba kuwonongeka masabata apitawo.

Mpweya umayezedwa m'mawa, tayala lisanayende. Likatentha geji imakwera yokha, ndipo zimenezo n'zachibadwa. Chizolowezi chophwetsa pang'ono pa ulendo “kuti lisaphulike ndi dzuwa” chimabweretsa vuto lomwe munthu akulithawalo, chifukwa tayala lophwetsedwa limapindika kwambiri n'kutenthanso koposa. Kumenya tayala ndi sipanala kapena kuliponda ndi phazi sikungakuuzeni kusiyana kwa mabaa 3 ndi mabaa 4. Kageji ka m'manja n'kotchipa poyerekeza ndi tayala limodzi, ndipo malo ake ndi m'galimoto.

Nanga dzina la kampani?

Pa msika wathu matayala amagwera m'magulu atatu, tikatengera mtengo. Pamwamba pali mayina akale monga Bridgestone, Michelin, Dunlop, Goodyear ndi Continental. Pakati pali ena monga Maxxis ya ku Taiwan, ndi Hankook ndi Kumho za ku South Korea. Otsika mtengo ambiri ndi a ku China, monga Linglong, Triangle ndi Westlake. Kampani iliyonse imapanga matayala a galimoto zing'onozing'ono komanso a zonyamula katundu, ndiye dzina lokha silikuuzani kanthu za kasenzedwe. Michelin ili ndi mtundu wa Agilis wa maveni, Bridgestone ili ndi Duravis, Hankook ili ndi Vantra. Tayala la kampani yotchuka lolembedwa 96 n'losayenera pa minibasi, pamene la kampani yotchipa lolembedwa 106/104 moona lili m'gulu loyenera.

Nambala zikafanana, kusiyana kwa mayina kumaonekera m'zinthu zimene sizilembedwa: mtunda umene mano a tayala amayenda asanathe, kagwiridwe ka msewu wonyowa, ndi mmene m'mbali mumapiririra maenje ndi m'mphepete mwa phula modyekadyeka, momwe minibasi imatsikamo ndi kukweramo tsiku lonse potsitsa anthu. Pa izi madalaivala amatsutsana, ndipo onse akhoza kukhala akunena zoona, chifukwa woyenda Limbe–Zomba pa phula sakumana ndi zimene amakumana nazo wolowa m'misewu yafumbi ndi miyala.

Njira yachilungamo yoweruzira ndi kuwerengera ndalama pa kilomita. Mitengo imasinthasintha, ndiye manambala awa ndi ongoyerekeza. Tayala la K200,000 likayenda makilomita 50,000, kilomita iliyonse yakudyerani K4. La K120,000 likayenda 25,000, kilomita yadya K4.80, ndipo mwasiya ntchito kawiri kukasintha. Koma likayenda 35,000, yadya K3.43 ndipo lotchipalo lapambana. Palinso china: pa msewu wa maenje tayala lodula likhoza kung'ambika m'mbali lisanafike theka la moyo wake, ndipo ndalama yonse ija yapita. Chimene ndimachiona chothandiza n'chophweka: kulemba m'kope momwe mumalembamo ndalama za tsiku, tsiku limene tayala lavekedwa, dzina lake, ngodya imene lili, ndi makilomita a pa mita. Pakatha chaka, kopelo limakuuzani zoona za msewu wanu kuposa wogulitsa aliyense.

Dzina lililonse limene mungasankhe, matayala awiri a ekiselo imodzi akhale ofanana mtundu, sayizi ndi kutha kwake. Akasiyana, galimoto imakokera mbali imodzi pogwira mabuleki, makamaka pa mvula.

Ritiredi, lojobedwa ndi la kaunjika: zinthu zitatu zosiyana

Apa ndi pamene pali chisokonezo chachikulu, chifukwa anthu amaziika zonse m'thumba limodzi la “matayala otchipa”.

Ritiredi ndi tayala lakale limene lavekedwa mano atsopano ku fakitale, mofanana ndi nsapato imene pansi pake patha koma chikopa chili bwino. Amayamba ndi kuliunika mkati ndi kunja, ndipo limene lili ndi waya wadzimbiri, lamba womatuka kapena bala la m'mbali amalitaya. Lopambana mayeso amalipala ndi makina mpaka mano akale atachoka, amakonza timabala ting'onoting'ono, n'kuyala mphira womata. Kenako pali njira ziwiri. Ina amakulunga lamba wa mano opangiratu n'kuliwotcha m'chipinda cha mpweya wopanikizika kuti zigwirane. Inayo amaika mphira wosapsa n'kuliwotcha m'chikombole chimene chimadinda mano. Ntchitoyi ndi yovomerezeka padziko lonse, ndipo malole akuluakulu ngakhalenso ndege zimayendera matayala otere.

Chofunika kumvetsa n'chakuti chatsopano ndi mano okha. Thupi la tayala, limene limagwira mpweya ndi kusenza katundu, ndi lakale lomwe lija. Nambala ya kasenzedwe sikwera chifukwa choveka mano atsopano, ndipo zaka zake sizibwerera m'mbuyo. Ngati thupilo linayenda miyezi yambiri lolemedwa ndi lopanda mpweya, kutopa kwake kuli mkati mosaoneka. Matayala a malole amapangidwa moganizira kuti adzavekedwanso mano, pamene a sayizi ya minibasi thupi lake ndi lopepukirapo, ndiye kusankha thupi labwino n'kofunika koposa.

Malo olivekapo nawonso ndi nkhani. Pa lole, ritiredi amaliika kumbuyo kapena pa ngolo, pamene matayala ali awiriawiri, kuti lina likafa linzake ligwirizize mpaka galimoto itaima. Kutsogolo, kumene kuli chiwongolero, amaikako atsopano, chifukwa tayala la kutsogolo likamatuka galimoto imatembenukira mbali imeneyo mwadzidzidzi. Minibasi ilibe tayala logwiriziza. Kutsogolo ndi kowongolera, kumbuyo ndi kolemedwa, ndipo tayala la kumbuyo likaphulika pa liwiro, galimoto yaitali msinkhu ngati Hiace imagwedeza matako n'kutha kugubuduzika. Amene amagwiritsa ntchito ritiredi mosamala amaliika kumbuyo kokha, pa maulendo aafupi a m'tauni a liwiro lochepa, ndipo amakonda kupereka matayala awo omwe, amene akudziwa mbiri yake, kuti akavekedwe mano. Amene amalikana amati ndalama yopulumutsidwayo ndi yochepa poyerekeza ndi anthu 16 amene ali m'galimoto pa M1. Musanasankhe, funsani ku Road Traffic, kumene amayeza galimoto popereka COF, ndiponso a inshuwalansi yanu, kuti mumve zimene amalola pa galimoto yonyamula anthu.

Ritiredi la ku fakitale yodalirika limakhala ndi chidindo cha amene analikonza. Yang'anani m'mapewa, pamene mphira watsopano wakumana ndi wakale: mzerewo ukhale wosalala, wopanda mpata wolowa chikhadabo.

Lojobedwa ndi nkhani ina. Ili ndi tayala losalala limene munthu walisema mizere ndi mpeni wotentha kuti lioneke ngati lili ndi mano. Palibe mphira amene wawonjezedwa. Wachotsedwa amene anatsala wotchinga malamba a waya. Kusemaku kumaloledwa pa matayala ena a malole okha, amene ali ndi mphira wapadera pansi pa mano ndipo amalembedwa REGROOVABLE m'mbali. A minibasi alibe mphira ameneyo. Lojobedwa limadziwika ndi mizere yokhotakhota yosafanana kuya kwake, pansi pa mizere pamakhala posalala mwachilendo, timizere ting'onoting'ono ta pamwamba pa mano palibe, ndipo nthawi zina waya amasuzumira. Ili sindilitchula ngati njira yosankhapo, chifukwa madzi akafika pa wayayo dzimbiri limayamba ndipo kumatuka kuli pafupi.

La kaunjika ndi tayala logwiritsidwapo ntchito kunja, logulitsidwa mmene lilili. Ena amakhala abwino ndithu, koma pali misampha iwiri. Woyamba ndi zaka. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi m'kabokosi kozungulira, nthawi zambiri kumapeto kwa mzere woyamba ndi DOT. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka: 2319 ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Opanga matayala ambiri amalangiza kuliyang'anitsitsa likadutsa zaka 5 ndi kulichotsa likafika zaka 10, ngakhale mano akhalepo, chifukwa mphira amauma n'kuchita ming'alu. Polishi wakuda amabisa ming'aluyo, ndiye pindani m'mbali ndi dzanja kuti ionekere. Msampha wachiwiri ndi matayala a nyengo ya chisanu, amene amabwera ndi galimoto zambiri zochokera ku Japan. Amalembedwa STUDLESS kapena amakhala ndi chizindikiro cha phiri, ndipo mano ake ndi akuya okhala ndi timizere tambirimbiri, moti amakopa maso. Mphira wake ndi wofewa, wopangidwira msewu wozizira kwambiri, ndipo pa phula lathu lotentha amatha msanga komanso galimoto imatalikitsa poima.

Tayala limanena lisanafe

Pakati pa mano pali timilatho ta mphira totalika mamilimita 1.6. Mano akatha n'kulingana ndi timilathoto, tayala latha, ndipo pa mvula limakhala litayamba kale kuterereka lisanafike pamenepo. Kadyekedwe kake kamaulula vuto la galimoto. Likatha m'mapewa onse awiri pakati pali bwino, mpweya wakhala ukuchepa kapena katundu wakhala akuchuluka. Likatha pakati pokha, mpweya wapitirira. Likadyeka mbali imodzi, alayimenti yasokonekera kapena mabushi ndi mabojointi atha, ndipo tayala latsopano la dzina lililonse lidzadyeka chimodzimodzi mukapanda kukonza. Likatha modumphadumpha ngati zigamba, kayikirani mashoko.

Zizindikiro ziwiri sizidikira mawa. Choyamba ndi chotupa cha m'mbali, chonga dzira, chimene chimabwera tayala likamenya dzenje n'kupanidwa pa rimu. Ulusi wa mkati waduka, ndipo chagwira mpweya pamenepo ndi mphira wokha. Kuikamo chubu kapena chigamba cha mkati kumangoletsa mpweya kutuluka, sikulumikiza ulusi. Chachiwiri ndi galimoto kuyamba kudzigwedeza ngati ikutsimphina poyenda pang'onopang'ono, kapena chiwongolero kunjenjemera pamene dzulo chinali bwino. Kwezani galimoto pa jeke, zungulitsani tayala ndi dzanja mukuyang'ana mano: mukaona pena patukuka kapena mzere wa mano ukukhota ngati njoka, lamba wayamba kumatuka ndipo tayalalo lichoke pomwepo.

Pamenepo mudzafuna sipeya, imene pa Hiace imakhala pansi kumbuyo, pa fumbi ndi matope, ndipo kawirikawiri ndiyo tayala lotheratu pa onse. Ikavekedwa imasenza makilogalamu 900 omwe aja, anthu ali momwemo, mpaka galimoto ikafike. Nayonso iwerengedwe nambala yake, ionedwe chaka chake, ndipo iyezedwe mpweya tsiku limene mukuyeza anzake anayiwo.